Lipoti lalitali, foromani afuna tsamba limodzi

Woyendera chitetezo cha ogwira ntchito akasiya lipoti la masamba ambiri pamalo omanga nyumba, foromani alibe nthawi yoliwerenga lonse. Mulembereni tsamba limodzi lonena choopsa, kukula kwake ndi chochita.

Tinene kuti lipoti lapeza dzenje la maziko lakuya mamita 2 lopanda matabwa otchinjiriza dothi. Musangolemba kuti "dzenje silili bwino". Lembani kuti dothi lingagumukire okumba, makamaka mvula ikagwa, ndipo munthu angafe. Chimenechi chikhale pamwamba, zinyalala zomwazika zibwere pambuyo. Chochita chimveke: okumba atuluke tsopano, makoma atchinjirizidwe, aliyense asalowemo foromani asanaone. Tchulaninso wokonza ndi tsiku lomalizira, chifukwa ntchito yopanda mwini imagona mpaka woyendera abwerenso.