Chifukwa chake zenera limodzi silikwanira kuziziritsa chipinda chopapatiza

Mumzinda wa Durban, ku South Africa, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale imabwera ndi kutentha kwachinyezi kumene sikutha ngakhale dzuwa litalowa. Anthu ambiri amene amachita lendi tizipinda takuseri kwa nyumba, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, amagona m'zipinda zomangidwa mondondozana, zazitali koma zopapatiza, zimene chitseko ndi zenera zili pakhoma limodzi lakutsogolo. Munthu amatsegula zenera lonse, panja kamphepo kakuomba ndithu, koma kumene kuli bedi mpweya uli chiimire. Ambiri amaganiza kuti zenera ndi laling'ono. Kawirikawiri vuto silikhala kukula kwa zenera ayi. Vuto ndi lakuti mpweya ulibe potulukira.

Mphepo ikaomba nyumba, imakankha khoma limene yakumana nalo, ndipo kuseri kwa nyumbayo imakoka mpweya ngati ikuyamwa. Kusiyana kwa mphamvu ziwirizi ndi kumene kumayendetsa mpweya m'chipinda. Pakakhala potseguka kumbali yokankhidwa ndi pena kumbali yokokedwa, mpweya umalowa uku nkutulukira uko, ndipo umadutsa m'chipinda chonse. Zenera likakhala limodzi, mpweya wolowa ndi wotuluka umalimbirana malo amodzi omwewo, motero umangotakasika pafupi ndi zenerapo. Nchifukwa chake akatswiri a zomangamanga ku Britain amalangiza kuti chipinda cha zenera lambali imodzi chisatalike kupitirira kawiri, kapena kawiri ndi theka, msinkhu wake kuchokera pansi kufika ku siling'i. Koma mpweya ukamalowa mbali ina nkutulukira ina, kutalikako kungafike kasanu.

Tiyeni titenge chipinda chimodzi ndi kuchiwerengera. Mulifupi mwake ndi mamita 2.4, mulitali mamita 5, ndipo msinkhu wake ndi mamita 2.4. Pansi pake ndi masikweya mita 12. Malamulo a zomangamanga a ku South Africa, SANS 10400, amafuna kuti malo otseguka olowetsa mpweya asachepere magawo 5 pa 100 alionse a kukula kwa pansi. Pachipinda chathuchi ndiye kuti masikweya mita 0.6, monga zenera la mita imodzi msinkhu ndi masentimita 60 mulifupi, lotseguka lonse. Lamulo lakwaniritsidwa. Komatu muyeso umenewu ndi wochepetsetsa, woti anthu azipuma mpweya wabwino. Sunakonzedwe kuti uchotse kutentha kwa Febuluwale.

Tinene kuti panja pakuomba kamphepo ka mamita 2 pa sekondi, kongogwedeza masamba a mtengo. Mwa mawerengedwe amene mainjiniya amagwiritsa ntchito, zenera limodzi lija limasinthanitsa mpweya wokwana pafupifupi malita 30 pa sekondi, ndipo mpweya wam'chipindamo umasinthidwa kanayi kokha pa ola. Tsopano titsegule zenera lachiwiri, lofanana nalo, pakhoma lakumapeto. Ngakhale nyumba zoyandikana zitatchingako mphepo pang'ono, mpweya wodutsa umafika malita oposa 300 pa sekondi. Malo otseguka tawachulukitsa kawiri kokha, koma mpweya wachuluka kakhumi.

Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amasokera. Akamva zoti pakufunika potulukira mpweya, amaika njerwa yamabowo imodzi kapena kazenera kakang'ono pamwamba pa khoma lakumbuyo, kenako nkukulitsa zenera lakutsogolo. Ndalama zimenezo zimapita pachabe, chifukwa mazenera awiri otsatizana ali ngati msewu wokhala ndi mlatho wopapatiza: magalimoto amadutsa molingana ndi mlathowo, ngakhale msewu utakula bwanji. Mainjiniya amalemba mfundoyi motere, pamene A1 ndi A2 ndi kukula kwa mazenera awiriwo, ndipo A ndi kukula kumene kumagwiradi ntchito:

```
1/A² = 1/A1² + 1/A2²
```

Mazenera onse akakhala a 0.6, kukula kogwira ntchito ndi 0.42. Lakumbuyo likakhala la 0.15 basi, kukula kogwira ntchito kumatsika kufika pafupifupi 0.146. Mukakulitsa lakutsogolo kawiri, chiwerengerocho chimangofika 0.149, kusintha kumene thupi silingamve nkomwe. Koma mukakulitsa laling'onolo kawiri, kufika 0.3, chimakwera kufika 0.27. Choncho amene ali ndi ndalama za zenera limodzi lokha akulitse laling'ono, ndipo amene akumanga chatsopano ayesetse kuti mazenera awiriwo akhale ofanana kapena oyandikana kukula.

Kuchuluka kwa mpweya wodutsa si nkhani yonse, ndipo kwa ine mbali yotsatirayi ndi imene imaiwalika kwambiri. Mpweya woyenda umaziziritsa munthu m'njira ziwiri. Umachotsa kutentha kumene kwaunjikana m'chipinda, kochokera ku malata, ku makoma, ku mbaula ndi ku matupi a anthu. Komanso ukamakhudza khungu umaumitsa thukuta, ndipo liwiro loyandikira mita imodzi pa sekondi limachititsa munthu kumva ngati kwazizirako ndi madigiri 2 kapena 3. Njira yachiwiriyi imagwira ntchito pokhapokha mpweyawo ukamudutsa munthuyo. Malita 300 aja atamwazikana mofanana m'chipinda chonse, liwiro lake lingakhale lochepa kwambiri moti simungalimve. Zoona zake nzakuti mpweya umalowa ngati mtsinje, wothamanga pakati ndi wofooka m'mbali, ndipo njira ya mtsinjewo imatsogozedwa ndi zenera lolowera. Malo a zenera lotulukira sasintha kwambiri njirayi.

Tanthauzo lake ndi lakuti zenera lolowera liyenera kukhala pa msinkhu wa thupi. Munthu wogona pabedi amakhala pafupifupi masentimita 50 mpaka 70 kuchokera pansi. Zenera likayambira pa mamita 1.5, monga mmene omanga ambiri amachitira poopa akuba ndi maso a anthu odutsa, mtsinje wa mpweya umadutsa pamwamba, nkukakamira ku siling'i, wogonayo akusamba thukuta pansi pake. Zenera loyambira pa masentimita 60 mpaka 90 limathandiza wogona ndi wokhala pampando yemwe. Lotulukira likhoza kukhala pamwamba, ndipo nzabwino kutero chifukwa mphepo ikaleka, mpweya wotentha umene umakwera umapeza potulukira. Tisayembekezere zambiri pamenepo: m'chipinda cha msinkhu wa mamita 2.4, kukwera kwa mpweya wotentha kumakoka mofooka poyerekeza ndi mphepo.

Kupapatiza kwa chipinda kuli ndi ubwino wake mazenera akakhala kumapeto onse awiri, chifukwa makoma aataliwo amaugwira mtsinjewo ngati paipi, ndipo palibe ngodya imene imatalikirana nawo. Zinthu zimasintha mazenera akakhala pamakoma aataliwo, kapena pamakoma awiri okumana pangodya. Mukawaika moyang'anizana, mpweya umangodumpha mamita 2.4 nkutuluka, gawo lalikulu la chipinda osakhudzidwa. Pamenepo nkofunika kuwatalikitsa, lina chakutsogolo, lina chakumbuyo, kuti mpweya ukakamizike kuyenda mopingasa. Katswiri wina, Baruch Givoni, amene anafufuza nkhaniyi kwambiri ndipo analemba buku lake lodziwika mu 1969, anapeza kuti pamazenera oyang'anizana, mphepo yobwera chammbali imatakasa mpweya m'chipinda chonse kuposa yobwera molunjika. Choncho sikofunika kuti nyumba iyang'ane mphepo ndendende. Ku Durban, kumene mphepo imakonda kuchokera kumpoto chakummawa kapena kummwera chakumadzulo, zenera lolowera lero lidzakhala lotulukira mawa, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso choti onse awiri akhale aakulu mofanana komanso asakwere kwambiri.

Nanga chipinda chimene khoma lakumbuyo lagundana ndi mpanda kapena chipinda cha mnansi? Zoterezi nzochuluka, ndipo kuboola zenera pamalire a puloti kumaletsedwa kawirikawiri ndi malamulo oteteza ku moto. Njira imene Givoni anayesa ndi kuika mazenera awiri pakhoma limodzi, motalikirana momwe kungathekere, ndipo pambali pa lililonse, mbali yoyang'ana linzake, nkumanga kakhoma kotulukira kunja, kotalika ngati mulifupi mwa zeneralo. Mphepo yobwera chammbali imagunda kakhoma koyamba nkulowa, pamene kuseri kwa kachiwiri kumakhala kukoka, ndipo mpweya umatulukira pamenepo. Mazenera otsegukira kunja ngati chitseko angagwire ntchito yomweyo ngati mahinji aikidwa mbali yoyenera. Njirayi imathandiza kwambiri pakhoma lalitali. Pakhoma la mamita 2.4 mazenerawo amayandikana kwambiri, ndipo phindu limachepa. Pamenepo chotsala ndi chitseko chachitsulo chamipata chimene chimakiyidwa usiku chitseko chenicheni chili chotsegula, pamodzi ndi kazenera pamwamba pake.

Powerengera, yezani malo otsegukadi, osati galasi. Zenera lotsetsereka limatseguka theka lokha. Lokhala ndi mahinji pamwamba limangotsegula kampata kammunsi, ndipo limaponyera mpweya ku siling'i. La timagalasi topingasa limatseguka pafupifupi lonse ndipo mungathe kuloza nalo mpweya pansi, ngakhale kuti silitsekeka bwino nthawi yozizira. Waya wotchinga udzudzu amadya gawo lalikulu la mpweya, nthawi zina mpaka theka, makamaka akadzaza fumbi, motero zenera lokhala ndi wayayu liyenera kukulirapo. Katani yolemera kapena kabati yoimikidwa kutsogolo kwa zenera lotulukira zimabweza chipinda ku malita 30 aja. M'chipinda chathu cha masikweya mita 12, malo otsegukadi a 0.6 mpaka 1 kumbali iliyonse ndi muyeso wabwino woyambira.

Kuyesa nkosavuta. Pachikani kachidutswa ka pepala lopepuka pa ulusi, pa msinkhu wa pilo, kenako pakati pa chipinda, kenako pafupi ndi siling'i. Likamavina pamwamba pokha, zenera lolowera lakwera kwambiri kapena likuponya mpweya mmwamba. Likamagwedezeka pafupi ndi zenera nkuima chete kumapeto, potulukira pachepa kapena patchingidwa. Likamapita uku ndi uku popanda kuloza mbali imodzi, ndiye kuti mazenera onse awiri ali kumbali imene mphepo ikukankha mofanana.

Mpweya wodutsa sungaziziritse chipinda kuposa mmene kunja kulili. Kutentha kwa panja kukafika madigiri 35, pafupi ndi kutentha kwa khungu, monga zimakhalira ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okutobala, kutsegula mazenera masana kumalowetsa moto m'nyumba. M'nyumba ya makoma a njerwa ndi siling'i, nthawi yotero mazenera atsekedwe ndi kutchingidwa ku dzuwa kuyambira chakummawa, ndipo atsegulidwe onse awiri madzulo kunja kukazizirako, kuti makoma ataye kutentha usiku wonse. Chipinda cha malata opanda siling'i nchosiyana, pakuti masana mkati mwake mumatentha kuposa panja, ndipo mazenera ake ayenera kukhala otsegula ngakhale dzuwa lili paliwombo.