Makompyuta 6, ana 54: phunziro limayamba ndi masamu

Mphunzitsi amene wapatsidwa makompyuta ochepa ndi kalasi yodzaza ayenera kuyamba ndi kuwerengetsa asanalembe n'komwe mutu wa phunziro. Funso lake ndi limodzi: kodi mwana aliyense agwira makinawa ndi manja ake kwa mphindi zingati? Yankho la funsoli ndi limene limalamula zina zonse, kuyambira zoti aphunzitse mpaka mmene mipando ikhalire.

Tiyerekeze kalasi ya Fomu 1 pa sekondale yoyendera. Ana alipo 54, makompyuta amene akuyaka ndi 6, ndipo phunziro lapatsidwa mapiriyodi awiri otsatizana, mphindi 80. Pa mphindi zimenezi, 10 zipita polowa, pokhala pansi ndi poonetsa zoti achite. Zina 10 zipita kumapeto poona ntchito ndi pothimitsa makina. Zotsala ndi 60. Makompyuta 6 kuchulukitsa ndi mphindi 60 ndi 360, ndipo tikagawira ana 54 aliyense apeza mphindi 6 ndi kachidutswa. Chuma chonse cha mwana pa phunziro limenelo ndi chimenecho.

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yongogawa ana 9 pa kompyuta iliyonse n'kuwauza kuti azisinthana. Pa pepala zimaoneka zachilungamo, koma m'kalasi sizitero. Mwana mmodzi, kawirikawiri wamkulu kapena amene anagwirapo kale kompyuta kwinakwake, amakhala pakati n'kugwira mausi. Awiri a m'mbali mwake amaloza pa sikirini. Otsalawo amaima kumbuyo akuona misana ya anzawo, ndipo pakangopita kanthawi nkhani zina zimayamba. Belu likalira, gululo limaonetsa ntchito yomalizidwa bwino, mphunzitsi n'kusangalala, chonsecho ana 8 sanakhudze batani ndi limodzi lomwe.

Vutoli si la kuno kokha. Cha m'ma 2005 ndi 2006, akatswiri a Microsoft Research ku Bangalore, m'dziko la India, mmodzi mwa iwo Kentaro Toyama, anaona zomwezi m'sukulu zakumidzi: ana angapo atapanikizana pa kompyuta imodzi, mausi ali m'manja mwa mmodzi. Iwo anapanga pulogalamu yotchedwa MultiPoint, yolola kulumikiza mamausi angapo ku kompyuta imodzi kuti mwana aliyense akhale ndi kamuvi kake pa sikirini. Mphunzitsi wa ku Ntchisi kapena ku Chikwawa mwina alibe pulogalamu imeneyo, koma angathe kuthetsa vuto lomwelo ndi wotchi komanso dongosolo.

Dongosolo lake ndi logawa kalasi m'magulu atatu a ana 18. Pa nthawi imodzi, gulu limodzi lokha ndi limene limakhala pa makina, ana atatu pa kompyuta iliyonse, pamene magulu awiri enawo akugwira ntchito zosafuna magetsi. Pakatha mphindi 20 amasinthana. Mphindi 2 zimapita ponyamuka ndi pokhala, choncho zotsala 18 zigawidwa kwa atatuwo, aliyense 6. Nambala ndi yomwe ija, koma tsopano aliyense ali ndi mpando, akuona sikirini, ndipo akudziwa nthawi yake. Kutulutsa ana m'magulu chotere si kwachilendo m'Malawi muno. M'sukulu za pulayimale zimene zinalandira matabuleti a bungwe la onebillion, ana ankachoka m'kalasi gulu limodzi pa nthawi kupita m'chipinda cha matabuleti, anzawo n'kupitiriza phunziro lina.

Pa atatu a pa kompyuta aja, aliyense apatsidwe ntchito yake. Woyamba ndiye mwini kiyibodi ndi mausi. Wachiwiri agwira kapepala ka malangizo, aziwerenga mokweza sitepe imodzi pa nthawi. Wachitatu ndi woyang'anira, amene amachonga pa pepala mnzake akamaliza sitepe. Lamulo lofunika kwambiri m'chipinda chonse ndi lakuti wothandiza athandize ndi pakamwa, manja ake asafike pa makina. Lamuloli likhudzenso mphunzitsi. Mwana akamalimbana ndi mausi, kamuvi kakuthawira m'ngodya, mtima umafuna kungomulanda kuti zithe msanga. Koma kulimbanako ndiye phunzirolo, ndipo womulanda wamudyera mphindi zake.

Nanga m'mphindi 6 mungalowe chiyani? Zochepa, ndipo apa ndi pamene mapulani ambiri amagwera m'madzi. Mwana amene sanatayipepo amasakasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, moti kulemba kalata yonse n'kosatheka. Cholinga chikhale chimodzi, chooneka ndi maso. Mwachitsanzo, pofika kumapeto mwana aliyense akhale atasunga fayilo ya dzina lake n'kuitsegulanso. Kapepala kaja kangakhale ndi masitepe asanu okha. Atsegule pulogalamu yolembera, monga Notepad kapena Word. Asankhe Save As, asunge fayilo yopanda kanthu mu foda ya kalasi yawo. Atayipe dzina lake ndi chiganizo chimodzi. Adine Ctrl+S. Atseke, kenako apeze fayiloyo n'kuitsegula.

Kusunga fayilo musanalembe kanthu kungaoneke ngati kwabwerera chammbuyo, koma kuli ndi chifukwa. Magetsi akathima, kompyuta ya pa tebulo yopanda batire yothandizira imathima nthawi yomweyo, ndipo zimene sizinasungidwe zikhoza kupita. Mwana amene wayamba ndi kupatsa fayilo dzina amangodina Ctrl+S chiganizo chilichonse chikatha. Chifukwa china ndi chakuti kusunga ndiye sitepe yovuta koposa. Ikaikidwa kumapeto, nthawi imatha mwana asanaifike.

Dzina la fayilo nalo lisasiyidwe m'manja mwa ana. Aliyense akavomera dzina limene kompyuta yamupatsa, kapena onse akalemba dzina lofanana, kompyuta imafunsa ngati ifufute yakaleyo, mwana amadina Yes osawerenga, ndipo ntchito ya mnzake yapita. Pa bolodi palembedwe kalembedwe kamodzi, kalasi kenako nambala ya mwana mu kaundula, monga F1A_07. A Chikondi atatu a m'kalasi imodzi sadzasokonezananso.

Chiganizo choti atayipe chisankhidwe mwadala. "Ng'ombe za Agogo zili ku Dedza." n'chachifupi, koma chikufuna zilembo zazikulu zitatu, kampata pakati pa mawu, kadontho komaliza ndi kachizindikiro ka pakati pa g ndi o, kamene pa makiyibodi ambiri kali chakumanzere kwa Enter. Pongoyang'ana chiganizochi mphunzitsi amadziwa pamene pavuta. Zilembo zonse zikatuluka zazikulu, mwana wadina Caps Lock m'malo mogwira Shift. Chilembo chimodzi chikabwerezedwa kangapo, akukanikiza batani osalisiya. Mawindo awiri kapena atatu a pulogalamu imodzi akatseguka, mwana anaona ngati makina sanamve n'kudinanso, pamene kompyuta yakaleyo inali ikungochedwa.

Tsopano ana 36 amene sali pa makina. Iwowa akangouzidwa kuti adikire, phokoso lawo limakoka mphunzitsi kumuchotsa pomwe akufunika kwambiri. Gulu lina likhale ndi makiyibodi ojambulidwa pa makatoni, msinkhu wake weniweni, okhala ndi mizere itatu ya zilembo kuyambira Q W E R T Y. Ana akhale awiriawiri, wina akutchula mawu, mnzake akuwapeza ndi zala, zala zolozera zikubwerera pa F ndi J. Pa kiyibodi yeniyeni mabatani awiriwa ali ndi timizere totukuka tomveka ndi chala, ndipo kanjere ka mpunga komatidwa pa katoni kamachita ntchito yomweyo. Katoni siphunzitsa mphamvu yodinira, komanso siuza mwana akalakwitsa. Chimene imachita ndi kuchepetsa kusakasaka, kuti mphindi 6 zija zisathere pofuna pamene pali chilembo Z.

Gulu lachitatu lingatenge mbali ya silabasi imene sifuna makina n'komwe. Kompyuta yakufa imene ili m'sitolo ya sukulu itsegulidwe, ana aone ndi kukhudza za m'kati mwake, ajambule ndi kulemba maina ake. Palinso masewera a makadi ochokera ku CS Unplugged, ntchito imene Tim Bell wa ku yunivesite ya Canterbury ku New Zealand anayambitsa ndi anzake m'zaka za m'ma 1990. Makadi asanu amakhala ndi madontho 16, 8, 4, 2 ndi 1. Khadi loonetsa madontho ndi 1, lotembenuzidwa ndi 0. Kuti apange 13, ana aonetsa 8, 4 ndi 1, ndipo mzerewo uwerengeka 01101. Umo ndi mmene kompyuta imasungira manambala.

Pali msampha umodzi umene umabisala mu kusinthanaku. Gulu limene layambira pa makina limafikapo lisanayese pa katoni, pamene lomaliza limafika litakonzeka kawiri. Choncho ntchito zitatuzo zisadalirane, ndipo zonse zofunika kuti mwana ayambe zionetsedwe kwa onse m'mphindi 10 zoyambirira zija. Sabata yotsatira gulu lina liyambe. Izi zimatetezanso amene amakhala omaliza, chifukwa nthawi ikapitirira kapena magetsi akathima pakati pa phunziro, iwowa ndi amene amaluza. Pulani ikhale ndi malo olembapo amene sanafikidwe, ndipo amenewo ndiwo oyamba ulendo wotsatira.

Magulu asankhe mphunzitsi. Ana odziwa kale amwazidwe, ndipo aziyamba ndi ntchito yowerenga malangizo n'kugwira makina pomaliza. Ngati atsikana akuoneka kuti akusiyira anyamata kiyibodi, kuwaika atatu paokha kumathandiza msanga kuposa kuwalalikira.

Makina ayatsidwe ndi kuyesedwa ana asanalowe, mafoda atapangidwa kale, chifukwa kompyuta yakale ikhoza kudya gawo lonse la mwana mmodzi pongoyaka. Imodzi ikakana, masamu abwerezedwe pomwepo: ana 18 pa makompyuta 5 ndiye kuti atatu akhala ndi ana anayi, ndipo pamenepo aliyense apeza mphindi 4 ndi theka. Zikatero chiganizo cha ng'ombe chisiyidwe, mwana atayipe dzina lake lokha, koma kusunga ndi kutsegulanso kukhalepo.

Phunziro likatha, mphunzitsi atsegule foda pa kompyuta iliyonse. Payenera kupezeka mafayilo 9. Akapezeka 6, gulu lina silinafikidwe kapena mafayilo agwera kwina, kawirikawiri mu Documents kapena pa Desktop. Akapezeka 9 koma ena atasinthidwa komaliza m'mphindi imodzimodzi, kapena onse atalakwika pamalo pamodzi, n'kutheka kuti dzanja limodzi ndi limene latayipira anzake. Manambala osowa alembedwe mu kaundula, ndipo sabata yamawa eni ake ndiwo ayambe kukhala pa kiyibodi.