Kusankha pepala la pulasitiki: loyanikira mbewu ndi loyala m'damu la nsomba

Nkhani iyi ikuchokera pa zomwe ndinakambirana ndi mamembala a kopaletivi ina ya m'boma la Dowa, yomwe imagulitsa chimanga ndi mtedza pamodzi ndipo yayamba kuweta nsomba. Komiti yawo inkafuna kugula mpukutu umodzi waukulu wa pepala lakuda kuti gawo lina aziyanikirapo zokolola, lotsalalo ayale m'damu. Maganizo oterewa ndi ofala ku Dowa ndi ku Ntchisi, kotero ndalemba zomwe tinakambiranazo kuti alangizi ndi alimi otsogolera azigwiritse ntchito. Mfundo yake ndi yakuti ntchito ziwirizi zimafuna mapepala osiyana, ndipo pepala tisamalisankhe pongoliona ndi maso kapena kulikhudza ndi zala. Tiziliyeza pa sikelo.

Kudziwa kukhuthala kwa pepala

Kukhuthala kwa pepala la pulasitiki kumayezedwa m'mamaikiloni. Mamaikiloni 1,000 amapanga milimita imodzi. Kuti tiyerekeze, malamulo a boma a chaka cha 2015 analetsa timajumbo tosafika mamaikiloni 60. Pepala lakuda lomwe amisiri amayala pansi pa simenti ya nyumba limakhala la mamaikiloni 250 likakhala labwino, koma ambiri mwa mapepala ofolerera nyumba za udzu omwe amagulitsidwa pa mita m'misika ndi opyapyala kuposa pamenepa. Ogulitsa ena amatchula geji m'malo mwa maikiloni. Pa mapepala a zomangamanga, geji 1,000 ndi pafupifupi mamaikiloni 250, ndipo geji 500 ndi mamaikiloni 125. Apa ndi pomwe alimi amapusitsikira, chifukwa munthu akamva "500" amaganiza kuti wapeza pepala la damu, chonsecho ndi lopyapyala kanayi kuposa lomwe akufuna.

Kopaletivi iliyonse ili ndi sikelo, ndipo sikeloyo ndi yokwanira kuthetsa mkangano. Pepala la mamaikiloni 100, lotalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, limalemera pafupifupi magalamu 92. La mamaikiloni 250 limalemera magalamu 230. Choncho mukagula pepala la mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, lomwe ndi masikweya mita 20, ndipo wogulitsa akunena kuti ndi la mamaikiloni 250, liyenera kulemera makilogalamu 4.6. Likalemera makilogalamu awiri okha, ndiye kuti ndi la mamaikiloni pafupifupi 110. Poyeza m'lifupi tambasulani pepala lonse, popeza mipukutu yambiri imabwera yopindidwa pawiri.

Sikelo singatiuze ngati pepalalo lili ndi mankhwala oliteteza ku dzuwa. Pulasitiki wopanda chitetezo chimenechi amauma, kuchita ming'alu ndi kuyamba kunyenyeka akakhala padzuwa miyezi ingapo. Onani ngati pa chizindikiro cha mpukutu palembedwa zilembo za UV, ndipo pemphani wogulitsa alembe kukhuthala ndi chitetezocho pa lisiti. Pepala lonunkha kwambiri, lokhala ndi timibulu kapena looneka mawangamawanga mukaliunika padzuwa nthawi zambiri limakhala lopangidwa ndi zinyalala za pulasitiki, ndipo silichedwa kung'ambika.

Pepala loyanikirapo

Cholinga choyala pepala ndi kulekanitsa zokolola ndi dothi. Nkhungu zomwe zimabweretsa chuku ndi poizoni wa afulatokisini zimakhala m'dothi, ndipo chimanga kapena mtedza zikakhala pansi zimakokanso chinyontho usiku. Pepala loyanikirapo limayalidwa m'mawa uliwonse, kupondedwa, kukokedwa ndi kupindidwa madzulo. Chomwe chimaliononga ndi kung'ambika. N'chifukwa chake tenti yolukidwa, yomatidwa pulasitiki mbali zonse ziwiri ndi kusokedwa m'mphepete, imaposa pepala losalala: ikaboola pang'ono, ulusi wake umaletsa bowolo kukula. Matenti amayezedwa ndi kulemera kwake, komwe kumalembedwa ndi zilembo za gsm, kutanthauza magalamu pa sikweya mita imodzi. Pa ntchito ya kopaletivi sankhani ya magalamu 180 kapena kuposera apo. Tenti yotere ya masikweya mita 20 isachepere makilogalamu 3.6. Ngati tenti palibe, pepala losalala lisachepere mamaikiloni 200, ndipo pansi pake muchotse miyala ndi ziputu.

Funso lomwe linabwera pamsonkhano ndi lakuti tenti imodzi imayanika matumba angati. Chimanga chotongola chiyalidwe mosapitirira masentimita anayi, kutanthauza pafupifupi kutalika kwa mfundo ziwiri za chala. Chikayalidwa chonchi, sikweya mita imodzi imanyamula makilogalamu pafupifupi 30. Pa tenti ya mamita 5 ndi 4 timasiya theka la mita kuzungulira konse kuti nkhuku ndi mapazi asalowetse dothi, ndiponso kuti tikhale ndi popindira mvula ikadzidzimutsa. Malo otsala ndi mamita 4 ndi 3, omwe ndi masikweya mita 12. Apa pakwana makilogalamu 360, kapena kuti matumba asanu ndi awiri a makilogalamu 50. Kopaletivi yofuna kuyanika matumba 35 nthawi imodzi ikufunika matenti asanu. Kuunjika matumba 15 pa tenti imodzi kumaumitsa chapamwamba chokha.

Pulasitiki salola madzi kudutsa, choncho chinyontho chochokera m'chimanga chimatsakamira pansi pake. Vundulani ndi mtengo wosasongoka maola awiri alionse. Mukapisa dzanja n'kupeza tenti yonyowa pansi pa chimanga, ndiye kuti mwayala mochindikala kapena mwachedwa kuvundula. Cholakwika china chofala m'mapiri a ku Ntchisi, komwe mu Juni ndi Julayi kumazizira ndi kugwa mame ambiri, ndi kukulunga chimanga chotentha m'pepala madzulo. Nthunzi yake ikagunda pepala lozizira imasanduka madzi ndi kudonthera m'chimanga momwemo. Chisonkhanitseni dzuwa likapepa, chizizire kaye, kenako muchiike m'matumba osamanga pakamwa pa thandala m'nyumba. Chimanga chauma chinyontho chikafika 13 peresenti. Kuyeza ndi mchere wouma m'botolo kumangosonyeza kuti chatsika pansi pa 15 peresenti, choncho musanatseke matumba yezani ndi makina a chinyontho ngati alipo.

Mtedza umafuna kusamala kwina. Uyambe waumira m'munda ndi masamba ake, makoko ali m'mwamba kapena m'milu yolowa mphepo ija alangizi amaphunzitsa, kenako uthotholedwe ndi kumalizira pa tenti usanasendedwe. Pepala lakuda limatentha kwambiri masana. Mtedza wosenda ukayalidwa pamenepo khungu lake limasupuka, njere zimagawanika, ndipo wambewu sumera bwino. Izi zimaoneka msanga pa mitundu ya njere zazikulu monga CG7 ndi Chalimbana. Pa mtedza sankhani tenti yoyera kapena yabuluu. Njere zauma zikafika 7 mpaka 8 peresenti.

Pepala la m'damu

Musanagule, dziwani kaye ngati damulo likufunadi pepala. M'madambo a dothi lamakande madzi sathawa ngati pansi ndi m'makoma mwatsenderedwa bwino. Komanso madzi a pansi akakwera nthawi ya dzinja amatha kutukula pepala n'kuliyandamitsa. Pepala limafunika pa malo otsetsereka a dothi lamchenga kapena lamiyala, omwe ndi ambiri m'mapiri a maboma awiriwa. Kuti mutsimikize, zikani ndodo m'damu ndipo pambali pake muike ndowa ya madzi, yomira pang'ono m'damumo. Lembani pomwe madzi afika monsemo, tsekani polowera madzi, muonenso patatha masiku atatu. Madzi otsika m'ndowa auma ndi dzuwa. Ngati a m'damu atsika kuposa a m'ndowa, kusiyanako ndi madzi olowa pansi. Pa damu la masikweya mita 200, sentimita imodzi ndi malita 2,000.

Pepala la m'damu limakhala pamalo amodzi zaka zambiri, litapanikizidwa ndi madzi pa miyala ndi mizu, m'mphepete mwake muli padzuwa. Bowo limodzi laling'ono limathetsa ntchito yake yonse. Tenti yolukidwa siyenera, chifukwa chomatira chake n'chopyapyala ndipo chikasupuka madzi amadutsa mu ulusi. Lofunika ndi pepala lopangidwira madamu, lolembedwa HDPE, lakuda, losachepera mamaikiloni 500, ndipo pa dothi lamiyala 750 kapena kuposa. La mamaikiloni 500 limalemera pafupifupi magalamu 470 pa sikweya mita.

Tinawerengera pamodzi damu la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi pamwamba, lokumbidwa mita imodzi ndi theka. Makoma ake ndi otsetsereka mamita awiri pa mita iliyonse yakuya, kotero khoma lililonse limadya mamita atatu a pansi, ndipo kutsetsereka kwake ndi mamita 3.35. M'litali pansi patsala mamita 14. Kuphatikiza makoma awiri ndi mamita 20.7, ndipo tikaonjeza mita imodzi mbali iliyonse yokwirira m'ngalande ya m'mphepete tikupeza 22.7, tinene kuti 23. M'lifupi pansi patsala mamita 4, ndi makoma 10.7, ndi zokwirira 12.7, tinene kuti 13. Pepala lofunika ndi masikweya mita 299, pomwe komiti inkaganiza zogula 200. Tikaonjeza polumikiza ndi pokhwefula tikufika pa 315, ndipo katundu yenseyo ayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 148. Damu likakhala lokumbidwa kale, goneketsani chingwe kuchokera m'ngalande ina, kutsika khoma, kudutsa pozama penipeni mpaka ngalande ya tsidya, n'kuyeza chingwecho.

Mipukutu siifika mamita 13 m'lifupi, choncho pakhala polumikiza. Pepala la mtundu uwu siligwira ndi guluu kapena tepi wamba. Limalumikizidwa ndi makina otenthetsa, ndipo mtengo wa ntchito imeneyi ulowe m'pangano logulira. Musanayale, chotsani miyala, mizu ndi dawe, thirani mchenga wosefa wa masentimita asanu, ndipo yalani m'mawa kusanatenthe, osalikoka mpaka kuuma gwa. Thirani madzi kaye kuti pepala likhazikike, kenako mukwirire m'mphepete. Damu loyalidwa pepala silitenga chonde m'dothi, choncho makumba ndi chilinguni zidzadalira manyowa ndi chakudya chomwe mukuthira. Pokolola lowani opanda nsapato, ndipo makasu ndi nsungwi zosongoka zisalowemo.

Zomwe alangizi akumbutse makomiti

Pepala la mamaikiloni 250 lomwe komiti inkafuna likanathandiza poyanika chimanga, ngakhale silingapirire ngati tenti, koma m'damu la pa miyala likanaboola msanga nsomba zili momwemo. Pogula, oda ikhale iwiri: matenti olukidwa owerengedwa molingana ndi matumba, ndi pepala la damu lowerengedwa molingana ndi chingwe. Oda iliyonse itchule kukula, kukhuthala, chitetezo cha dzuwa ndi kulemera koyembekezeka. Katundu akafika, ayezedwe pa sikelo ya kopaletivi ndalama yomaliza isanaperekedwe.