Masamba, tomato ndi zipatso: mapuloteni alimo ochuluka bwanji?

Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 50 pa tsiku. Akatswiri a zakudya amawerengera magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, choncho 60 kuchulukitsa ndi 0.8 timapeza 48. Nambala imeneyi ndiyo muyeso wathu pamene tikuyang'ana zimene zili m'mbale.

Tiyambe ndi nkhomaliro ya banja la anthu asanu. Mayi aphika nkhwani, adulira tomato wamkulu mmodzi, ndipo atatha kudya aliyense watenga nthochi. Nkhwani wophika wokwana magalamu 100, amene ndi gawo labwino ndithu la munthu mmodzi, ali ndi mapuloteni osakwana magalamu 3. Tomato wa magalamu 100 ali ndi magalamu 0.9, koma uja wagawidwa pasanu, ndiye aliyense wapezako magalamu 0.2 basi. Nthochi yosenda ya magalamu 100 ikuwonjezera pafupifupi galamu imodzi. Zonse pamodzi ndi magalamu 4, pomwe tsiku lonse likufuna 50. Anthu adzuka atakhuta, koma ndiwo ndi chipatso chija zapereka zosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi.

Chifukwa chachikulu ndi madzi. Pa magalamu 100 a tomato, pafupifupi 94 ndi madzi okhaokha. Bonongwe wosaphika ali ndi madzi pafupifupi magalamu 92. Malo otsalawo ndi ochepa, ndipo mapuloteni amagawana malowo ndi shuga, mchere wa m'chilengedwe ndi timinyewa ta tsamba timene thupi siligaya. Chomera chimasunga mapuloteni ambiri m'njere, chifukwa ndiwo kamba wa kambewu kakamamera. N'chifukwa chake nyemba, nandolo, soya ndi mtedza zili nawo ochuluka. Mnofu wa chipatso uli ndi ntchito ina, yokopa mbalame, anyani ndi anthu kuti adye n'kukataya njere kutali, ndipo pa ntchito imeneyo shuga ndi madzi n'zokwanira. Mango ali ndi magalamu 0.8 pa 100 aliwonse, papaya theka la galamu.

Tikatembenuza masamu aja, zimaoneka bwino. Kuti munthu apeze magalamu 50 kuchokera ku tomato yekha, adye makilogalamu asanu ndi theka, kapena kuti matomato akuluakulu 55. Bonongwe wophika ali ndi magalamu 2 pa 100, ndiye pangafunike makilogalamu awiri ndi theka. Palibe mimba imene ingalandire zimenezo, makamaka ya mwana, amene amakhuta msanga pomwe thupi lake likukula.

Pali mawu amene amasokoneza anthu, akuti masamba ena ali ndi mapuloteni ofanana ndi nyemba. Mawuwa amachokera pa masamba ouma. Mukaumitsa bonongwe wa magalamu 100, mumatsala ndi magalamu 8 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mwa amenewo, magalamu 2.5 ndi mapuloteni. Pa pepala n'zochititsa chidwi, chifukwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma ndani amadya mfutso wosaphika wa magalamu 100? Mfutso ndi wopepuka, kadzanja kamodzi kakwanira munthu, ndipo ukalowa mumphika umamwanso madzi. Kufutsa kumathandiza kuti ndiwo zifike chilimwe, koma sikuwonjezera mapuloteni m'tsamba. Choncho mukamva nambala yaikulu, funsani ngati akunena za masamba aawisi, ophika kapena ouma, komanso kuti munthu amadyako ochuluka bwanji pa chakudya chimodzi.

Masamba onse si ofanana. Chigwada ndi chammwamba zili ndi mapuloteni ochulukirapo kusiyana ndi kabichi, amene ali ndi magalamu 1.3 okha, ndipo pa zipatso gwafa ndi peyala zimafika magalamu 2 kapena kupitirira pang'ono. Komabe nyemba zophika za magalamu 100 zimapereka pafupifupi magalamu 9, ndipo dzira limodzi limapereka 6.

Tibwerere ku mphika wa nkhwani uja. Mtedza uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25 pa 100 aliwonse. Mayi akatendera ndi nsinjiro za magalamu 100, pafupifupi kapu imodzi, aliyense mwa anthu asanu aja amapezako magalamu 5. Gawo la nkhwani limene linali ndi magalamu 3 lafika pa 8. Masamba akugwirabe ntchito yawo yopereka mavitamini ndi michere yoteteza thupi, koma mapuloteni ambiri m'ndiwo zotendera ndi a mtedza. Kadzanja ka usipa wouma ka magalamu 20 kangawonjezere ena opitirira 10, popeza usipa ukauma, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni.