Kafukufuku wotuluka asanaunikidwe: liwiro ndi msampha wake

Wasayansi akamaliza kafukufuku, amatumiza lipoti lake ku magazini ya akatswiri, komwe anzake awiri kapena atatu amaliunika kufuna zolakwika. Ntchitoyi imatenga miyezi. Pofuna kusadikira, ambiri amayamba aika lipotilo pa intaneti, pamasamba ngati bioRxiv ndi medRxiv. Lipoti lotere limatchedwa pulipirinti. Oyang'anira masambawa amangoona ngati lili la sayansi, koma satsimikizira kuti zomwe lapeza n'zoona.

Liwiroli lidapulumutsapo miyoyo. Mu Juni 2020, ofufuza a ku Oxford adaika pa medRxiv lipoti losonyeza kuti dekisametazoni, mankhwala otsika mtengo, amachepetsa imfa za odwala Covid-19 opuma ndi makina. Madokotala adatha kuwerenga manambala ake milungu ingapo magazini isanalisindikize.

Koma liwiro lomweli limafalitsanso zolakwika. Pa 31 Januwale 2020, ofufuza ena a ku Delhi adalemba pa bioRxiv kuti tizidutswa tinayi ta kachilombo ka korona tikufanana ndi ta HIV. Akatswiri adaona msanga vuto: tizidutswato n'tatifupi kwambiri, moti timapezekanso mwangozi m'zamoyo zambiri. Patangotha masiku awiri lipotilo lidachotsedwa, koma mphekesera yoti kachilomboka n'kopangidwa ndi anthu idali itafika kale patali.

Choncho musanagwiritse ntchito pulipirinti, tsegulani tsamba lake. Onani ngati idakonzedwanso, idachotsedwa, kapena idasindikizidwa m'magazini, chifukwa manambala amatha kusintha. Ngati ikadali yosaunikidwa, auzeni owerenga anu zimenezo poyera.