Musanatumize ndalama, tembenuzani makinawo: chithunzi cha choyezera bipi chimaulula chiyani?

Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Joni ananditumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp usiku wina. Mayi athu anali atangowapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo chipatala chili patali ndi kumudzi, ndiye tinagwirizana zowagulira makina oyezera bipi oti azikhala nawo panyumba. Pansi pa zithunzizo analemba kuti: "Achimwene, tisankhe ati? Awa oyambawa ndi otchipa ndipo amalankhula."

Makina oyambawo anali okongoladi. Galasi lake linali lalikulu, lowala mitundumitundu, ndipo pabokosi panali zidindo zambiri. Achiwiriwo anali oyera, osadzionetsa, okwera mtengo. Ndinawayankha kuti zithunzi zonse ziwiri sizinandiuze kanthu, ajambulenso koma atawatembenuza makinawo chagada.

Kumaso kwa makina a bipi kumafanana pafupifupi konse. Pagalasi pamakhala SYS, yomwe ndi nambala ya pamwamba, DIA, nambala ya pansi, ndi PUL kapena PULSE, kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Kuona zimenezi kumangokutsimikizirani kuti mwagwira choyezera bipi, basi. Mbiri yeniyeni ya makinawo imakhala pa kasitika ka kunsi kwake, kawirikawiri pafupi ndi polowera mabatire, komanso m'mbali mwa bokosi. Choncho wogulitsa kapena m'bale akamakutumizirani chithunzi, mupempheni zitatu: cha kumaso, cha kasitika ka kunsi chojambulidwa pafupi kuti zilembo ziwerengeke, ndi cha lamba womanga pamkono atatambasulidwa.

Pa kasitika ka makina oyamba aja panalembedwa mawu a Chingerezi akuti Electronic Blood Pressure Monitor. Anthu ambiri amawatenga mawuwa ngati dzina la kampani, pamene akungotanthauza kuti "makina amagetsi oyezera bipi", monga thumba lolembedwa kuti "ufa" popanda kutchula chigayo. Dzina la wopanga panalibe, adiresi panalibenso. Fakitale imodzi ikhoza kupanga makina oterewa ochuluka, ogulitsa osiyanasiyana n'kumamatapo mayina awoawo, kotero mukhoza kuona makina amodzimodzi ali ndi mayina atatu mumsika umodzi. Akakulakwirani, mulibe woti mukamufunse.

Pa achiwiri aja panali dzina la Omron, kampani ya ku Japan, ndipo pansi pake panali M3 Comfort ndi nambala yakuti HEM-7155-E. Nambala imeneyi ndiyo ndinkaifuna. Dzina la kampani palokha silikwanira, chifukwa kampani imodzi imapanga mitundu yambiri ndipo umboni wa kulondola umaperekedwa pa mtundu umodziumodzi. Pa kasitika kolongosoka mumapezanso kachithunzi ka fakitale kokhala ndi dzina ndi adiresi ya wopanga pambali pake, zilembo REF zotsatiridwa ndi nambala ya mtunduwo, ndi SN, nambala ya makina omwe mwagwirawo yomwe siyenera kufanana ndi ya ena alionse. Ngati wogulitsa ali ndi makina awiri, muuzeni ajambule onse. SN ikafanana pa awiriwo, musagule.

Nanga zidindo zija? Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwira. Chidindo cha CE chimasonyeza kuti katunduyo akuti akukwaniritsa malamulo a msika wa ku Ulaya. Pa makina oyezera bipi, CE yoona imatsagana ndi manambala anayi, omwe ndi chizindikiro cha bungwe lomwe linaunika wopangayo: 0197 ndi TÜV Rheinland, 0123 ndi TÜV SÜD, onse a ku Germany. Pa makina oyamba aja CE inali yokhayokha, yopanda nambala. Koma ngakhale CE ikhale ndi manambala ake, sikuti yatsimikiza kuti makinawo anayesedwa pa anthu ambiri motsatira muyezo wokhwima wa kulondola. Chimodzimodzi zilembo za FDA zomwe amakonda kudinda pamabokosi. Kudinda zilembo n'kosavuta, aliyense wokhala ndi makina osindikizira angathe.

Umboni womwe ndimaukhulupirira uli kwina. Pali muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 81060-2, womwe umafuna kuti makina ayesedwe pa anthu osachepera 85, a mikono yosiyana kukula ndiponso a bipi yotsika ndi yokwera, zotsatira zake n'kuyerekezedwa ndi zomwe akatswiri awiri apeza pomvetsera ndi makutu. Kusiyana kwake, mukakuphatikiza ndi kugawa, kusapitirire 5 mmHg. Makina omwe anapambana mayeso otere amalembedwa pa mindandanda yomwe aliyense angaione kwaulere pa foni. Wodziwika kwambiri ndi wa STRIDE BP pa stridebp.org. Ku America kuli validatebp.org, ndipo bungwe la British and Irish Hypertension Society nalo lili ndi wake. Mumafufuza dzina la kampani ndi nambala ya mtundu monga momwe yalembedwera pa kasitika, chilembo ndi chilembo. Nditafufuza HEM-7155-E ndinaipeza. Makina oyamba aja ndinalibe ngakhale dzina loti ndifufuzire.

Musaganize kuti makina osayesedwa ndi ochepa. Akatswiri ena anaunika makina ogulitsidwa pa intaneti ku Australia, ndipo zomwe anatulutsa mu 2020 zinasonyeza kuti mwa makina omanga pamkono, oyesedwa moyenera sanakwane amodzi mwa asanu alionse. Pa omanga pomwe timavala wotchi zinthu zinali zoipa kuposa apo. Ngati zili choncho m'dziko la malamulo okhwima, kuli bwanji katundu wobwera m'zikwama za apaulendo? Sindikunena kuti makina onse osapezeka pa mndandanda amanama. Ena angakhale olondola. Vuto ndi lakuti palibe amene wasonyeza zimenezo, ndipo pa nambala imeneyi m'pamene dokotala amatsamira poonjezera kapena kuchepetsa mankhwala.

Chithunzi chachitatu, cha lamba, anthu amachinyozera, komatu chikhoza kugwetsa makina abwino kwambiri. Pa lamba aliyense pamalembedwa kukula kwa mkono womwe amakwana, monga 22–32 cm kapena 22–42 cm. Lamba wothina pa mkono waukulu amakweza nambala, ndipo wokhwepa pa mkono wowonda amaitsitsa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2023 anapeza kuti anthu a mikono ikuluikulu kwambiri atawayeza ndi lamba wapakatikati, nambala ya pamwamba inakwera ndi pafupifupi 20 mmHg. Munthu wa 125 akhoza kuoneka ngati wa 145, n'kuyamba kuda nkhawa ndi matenda omwe alibe. Tinapempha mdzukulu wa kumudzi kuti abwereke tepi kwa telala ndi kuyeza mkono wa agogo ake mozungulira, pakatikati pa phewa ndi chigongono. Anapeza masentimita 35. Lamba wa makina oyamba ankathera pa 32, pamene wa achiwiri ankafika 42. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale tisanakambe za mtengo.

Mukaona pachithunzi kuti makinawo ndi omanga pomwe timavala wotchi, ganizani kawiri. Amenewo amafuna kuti dzanja likhale molingana ndi mtima ndendende, ndipo kungolitsitsa pang'ono nambala imakwera. Kwa agogo oyeza okha kumudzi, a pamkono ndiwo abwino. Amayi oyembekezera nawo asamale: makina oyesedwa pa anthu wamba sikuti ndi olondola pa mayi wapakati, ndipo STRIDE BP ili ndi mndandanda wapadera wa iwowa.

Pali zina zomwe chithunzi sichingakuuzeni, ndipo ndibwino kuzivomereza. Mayina otchuka ndiwo amakopedwa kwambiri ndi opanga katundu wachinyengo. Nthawi zina chithunzi chimawagwira: zilembo zopotoka kapena zolakwika, nambala ya pabokosi yosiyana ndi ya pamakina, lamba wopanda dzina la kampani, mtengo wotsika modabwitsa. Koma wachinyengo waluso sangagwidwe pa foni. Komanso wogulitsa akhoza kukutumizirani chithunzi chotola pa intaneti, chosalala ngati cha m'magazini. Muuzeni ajambule makinawo atawagwira m'manja mwake ali oyaka. Chithunzi sichionetsanso kapaipi kong'aluka kotaya mpweya, kapena makina a kaunjika omwe anagwa pansi kangapo. N'chifukwa chake tinawauza achemwali kuti agule ku famase yovomerezeka ndi kusunga lisiti.

Makina atafika, mayi anapita nawo kuchipatala pa tsiku lawo lolandira mankhwala. Umu ndi momwe mungachitire nanunso. Wodwala akhale pampando mphindi zisanu osalankhula, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Kenako ayezedwe pa mkono womwewo mosinthanasinthana, makina a kunyumba ndi a kuchipatala, kusiya mphindi imodzi pakati. Mwachitsanzo, a kunyumba akapereka 148 ndi 144 pa nambala ya pamwamba, pakati pake ndi 146. A anamwino akapereka 143, kusiyana ndi 3, ndipo makinawo ndi odalirika. Kusiyana kosaposa 5 n'kwabwino. Kukaposa 10 mobwerezabwereza, asiyeni makinawo. Musadabwe kuti manambala sakufanana ndendende, chifukwa bipi imasintha mphindi ndi mphindi ngakhale mwa munthu wathanzi. Kuyerekeza kumeneku muzikubwereza kamodzi pachaka. Dziwaninso kuti panyumba malire amatsikirapo: pamene kuchipatala amayamba kukayikira pa 140/90, kunyumba ndi pa 135/85.

Njira yomweyi imagwiranso pa choyezera kutentha kwa thupi: dzina la wopanga, nambala ya mtundu, CE ya manambala anayi. Kungoti pachithunzi cha galasi lake yang'anani kachilembo ka pakona. Kakakhala °F osati °C, 98.6 ndi kutentha kwabwinobwino kofanana ndi 37, ndipo 100.4 ndiye 38, pomwe timati thupi latentha. Pa zija zoloza pamphumi, galasi lisonyeze Body osati Surface, apo ayi mudzayeza khungu lokha n'kuganiza kuti mwana ali bwino ali ndi malungo.

Mayi tsopano amayeza m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kawirikawiri nthawi iliyonse, mdzukulu n'kulemba m'kope lomwe amapita nalo kuchipatala. Inu amene muli ndi abale kunja ofuna kutumiza makina otere, kapena mwaona otchipa akutsatsidwa pa foni, yambani mwayeza mkono wa wodwalayo ndi tepi, kenako pemphani chithunzi cha kasitika ka kunsi. Wogulitsa akakana kukujambulirani, ndalama yanu isachoke m'thumba.