Kiyi Wobisika Alibe Malo mu Apu ya Pafoni

Apu iliyonse ya Android imafika pafoni ngati fayilo ya APK, ndipo fayiloyo imatseguka ngati ZIP wamba. Munthu wokhala ndi pulogalamu yaulere ya jadx amatha kuitsegula n'kuwerenga mawu olembedwa mkati mwake.

Tiyerekeze apu ya sitolo yomwe imatumiza ma SMS kudzera ku kampani ina. Wopanga apuyo walemba kiyi wa kampaniyo mkati mwa apu. Wakuba atsitsa apuyo, afufuza mawu oti `api_key`, basi wamupeza kiyiyo. Akatero amatumiza mauthenga ake, bilu n'kumapita kwa mwini sitolo, yemwe amadzidzimuka poona ndalama zikutha usiku pomwe makasitomala ali mtulo. Kusokoneza mayina ndi R8 sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kiyiyo amatsala momwe analili. Kiyi wotere azikhala pa seva ya sitoloyo: apu izipempha seva, seva ndiyo izilankhula ndi kampaniyo. Ngati anatuluka kale, muthetseni n'kutenga wina, poti ma APK akale akadali m'manja mwa anthu.

Tokeni, chiphaso chimene seva imakupatsani mukalowa ndi pasiwedi, ndi nkhani ina, chifukwa iyenera kukhala pafoni. Kuisunga poyera mu SharedPreferences n'kulakwa, poti pafoni yochotsedwa zotchinga imawerengeka. Pa iPhone malo ake ndi Keychain. Pa Android imabisidwa ndi kiyi wa mu Keystore, amene apu imagwiritsa ntchito koma singamutulutse. Komabe tokeniyo izitha mphamvu pakapita mphindi zochepa, ndipo munthu akatuluka mu akaunti, seva iziithetsanso.